Intaneti ikaduka, rauta isamukire yokha pa laini yachiwiri

Kumapeto kwa mwezi, shopu yofotokopa ndi kusindikiza imadzaza ndi anthu otumiza makalata ofunsira ntchito komanso olipira mabilu. Intaneti ikaduka nthawi imeneyo, kasitomala sadikira, amangolowa shopu yoyandikana nayo. Eni mashopu ambiri amathamangira kutsegula intaneti ya pa foni n'kulumikiza kompyuta imodziimodzi. Komatu ntchito imeneyi rauta ikhoza kuigwira yokha, bola ikhale ndi malo olowetsera malaini awiri.

Imodzi mwa marauta otere ndi TP-Link ER605. Ili ndi doko lolembedwa WAN, lolowetsera laini yaikulu, komanso ena olembedwa WAN/LAN amene amatha kulandira laini yachiwiri. Wogula adziwiretu kuti rautayi ilibe waifai, choncho imafuna kachipangizo kena kofalitsira intaneti ku mafoni.

Laini yachiwiri kawirikawiri imakhala modemu ya 4G yokhala ndi simu komanso doko la waya. Simuyo ikhale ya kampani ina. Ngati laini yaikulu ndi ya TNM, yachiwiri ikhale ya Airtel, kapena kutembenuza, chifukwa masimu awiri a kampani imodzi amadalira nsanja imodzi ndipo amaduka limodzi.

Akalumikiza mawaya, mwini shopu amalemba 192.168.0.1 pa kompyuta kuti alowe mu rauta. Pa Network, gawo la WAN, amatsegula doko lachiwiri. Kenako pa Transmission, gawo la Load Balancing, amayatsa Load Balancing n'kupita pa Link Backup. Pamenepo laini yaikulu amaisankha pa Primary WAN, yachiwiri pa Backup WAN, ndipo pa Mode amasankha Failover. Wodumpha Link Backup amapeza rauta ikugwiritsa ntchito malaini onse awiri nthawi imodzi, bando ya pa simu n'kumatha chikhalirecho laini yaikulu ili bwinobwino.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa funso ili: rauta idziwa bwanji kuti laini yaikulu yafa? Nthawi zambiri intaneti ikaduka, vuto limakhala kutali, mwina chingwe chaduka mumsewu kapena bando yatha. Modemu ya mu shopu imakhala ikuyakabe, waya wopita ku rauta ali m'malo mwake. Rauta yongoyang'ana wayayo imaona ngati zonse zili bwino, ndiye imapitiriza kutumiza ntchito ku laini yakufa.

N'chifukwa chake gawo la Online Detection siloyenera kulinyalanyaza. Pa laini yaikulu, mwini shopu asankhe Manual n'kulemba adiresi ya kunja, monga 8.8.8.8 ya Google. Rauta imagogoda pa adiresiyo pafupipafupi, ndipo yankho likasiya kubwera imasamukira pa laini yachiwiri. Yankho likayambanso kubwera, imabwerera. Kulembapo adiresi ya modemu ya mu shopu momwemo n'kungodzinamiza, popeza modemuyo imayankha ngakhale intaneti kulibe. Always Online nayonso ipewedwe pa laini yaikulu, chifukwa imauza rauta kuti lainiyo siifa.

Msampha wina ndi wa manambala. Modemu ikakhala ndi adiresi yoyamba ndi 192.168.0 ngati rautayo, ziwirizi zimasokonezana ndipo lainiyo siigwira. Kusintha adiresi ya rauta, mwachitsanzo kukhala 192.168.10.1, kumathetsa vutoli. Mamodemu awiriwo nawonso asafanane manambala atatu oyambirira.

Kuyesa kuchitike shopu isanatsegulidwe. Kuzula waya wa pakati pa modemu ndi rauta sikuonetsa zambiri. Chofunika n'kuzula chingwe chochokera kunja cholowa mu modemu yaikulu, kapena kuchotsa simu yake n'kuiyatsanso, kenako pa kompyuta ya Windows kulemba:

```
ping 1.1.1.1 -t
```

Pamatuluka mizere ingapo ya Request timed out, kenako Reply from imayambiranso. Ikapanda kubwera patapita mphindi ziwiri kapena zitatu, pena pake sipanatcheredwe bwino.

Kusamukako kumadula zimene zinali mkati, chifukwa adiresi imene shopu imadziwika nayo pa intaneti imasintha. Tsamba la banki likhoza kufuna kulowanso. Ngati malipiro anali pakati, wamalonda ayambe waona ngati ndalama zachoka asanatumizenso, kuopa kulipira kawiri.

Simu yosungira imaiwalika msanga. Bando yake ikhoza kutha masiku osagwiritsidwa ntchito, kapena kudyedwa tsiku limodzi makompyuta akayamba kukokera zatsopano za Windows. Kuyatsa Metered connection pa kompyuta iliyonse kumachepetsa zimenezi, ndipo ndi bwino kulemba pa kalendala tsiku lothera bando. Magetsi akazima, malaini onse awiri amafa pamodzi, pokhapokha rauta ndi mamodemu onse atalumikizidwa ku batire kapena sola.