Wagolosale sagula mphamvu ya batire

Wogulitsa nyale zoyendera dzuwa akafika pa golosale n’kuyamba kunena za kukula kwa batire, mwini sitolo amangogwedeza mutu, maso ali pa kasitomala wofuna sopo. Nambala zolembedwa pa katoni sizimuuza ngati nyaleyo ibweza ndalama zake.

Funso loyamba likhale lakuti: “Bambo, magetsi akazima mumatseka nthawi yanji?” Tiyerekeze kuti ayankha kuti kukangoda, chonsecho madzulo ndi pamene anthu oweruka kuntchito amagula mafuta ophikira, shuga ndi buledi. Apa batire lija lasanduka maola awiri owonjezera ogulitsa. Muwerengere limodzi, ndi manambala ake osati anu: ngati phindu la maola amenewo ndi K2,000, nyale ya K40,000 yadzilipira pakatha madzulo 20 opanda magetsi.

Koma samalani, phindu si ndalama zonse zolowa mukabati. Mukasokoneza ziwirizi adzazindikira msanga, chifukwa amadziwa zimene amapeza pa paketi iliyonse. Ndipo ngati amatseka molawirira poopa akuba, nyale siyithetsa vuto lakelo, choncho musamukakamize kugula.