Mmene Batire Imawerengera Moto Wotsala

Moto wotsala m'batire suyezeka mwachindunji. Kachipangizo koyang'anira batire kamangoyeza magetsi olowa ndi otuluka, n'kuchulukitsa ndi nthawi imene adutsa. Njirayi imatchedwa kuwerenga makulomu, ndipo kulomu imodzi ndi ampeya imodzi yodutsa kwa sekondi imodzi.

Batire ya sola ya 100 Ah itadzaza, n'kutulutsa maampeya 5 kwa maola 4, ndiye kuti 20 Ah yapita, ndipo kachipangizo kamasonyeza 80 peresenti.

Vuto n'lakuti choyezera chikaphonya pang'ono, cholakwikacho chimaunjikana. Chikamalephera kuona maampeya 0.02 otuluka, pa masiku 30, omwe ndi maola 720, chiwerengero chimasokera ndi 14.4 Ah. Komanso batire ikamakalamba imasunga moto wochepa, pomwe kachipangizo kakugawabe ndi 100 wakale uja. Zikatero magetsi amazima chiwerengero chikunena kuti moto ulipo.

Kukonza kwake n'kutchaja batire mpaka voteji ifike pamwamba, magetsi olowa atsike kwambiri. Pamenepo kachipangizo kamabwezera chiwerengero pa 100 peresenti. Voteji ya batire imene yapuma maola angapo imathandizanso, koma pa mabatire a LiFePO4 njosadalirika, chifukwa imasintha pang'ono kwambiri batire ikakhala pakatikati.