Lipoti logwira vuto lobisala mu pulogalamu

Amene anapitapo ndi galimoto kwa makaniko amadziwa ukathyali wake: phokoso limene lakusowetsani mtendere sabata yonse limangoti zii mukangofika pagalaja. Olemba mapulogalamu a pakompyuta amakumananso ndi zotere. Pulogalamu imayenda bwino miyezi ingapo, tsiku lina n'kungodzitseka yokha ntchito ili mkati. Mukaitana mnzanu kuti adzaone, iyo ili phee, ikugwira ntchito ngati sinalakwepo.

Komatu kompyuta sichita zamwayi. Ikagwa kamodzi pa maulendo 1,000, ndiye kuti pa ulendo umenewo panali kanthu kosiyana ndi maulendo enawo. Ntchito ya wolemba lipoti ndi kusaka kanthuko mpaka mawu akuti "nthawi zina" asanduke "nthawi zonse".

Tiyerekeze kuti bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama lili ndi pulogalamu yosindikiza makhadi a mamembala. Khadi limatha mphamvu pakapita chaka kuchokera tsiku lolembetsa. Makhadi mazanamazana atuluka bwinobwino, koma pa anthu atatu okha pulogalamu ikugwa. Woyesa mapulogalamu sathamangira kulemba kuti "zikukanika". Amayamba waika atatuwo pamodzi n'kufunsa chimene akufanana. Mayina ndi osiyana, ndalama n'zosiyana, nthambi zawonso n'zosiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha: onse atatu analembetsa pa 29 Febuluwale 2024.

Apa ndiye amakhala pansi n'kulembera mnzake:

"Akulu, pulogalamu ikugwa posindikiza khadi la membala amene analembetsa pa 29 Febuluwale. Ndayesa pa kompyuta yoyeserera, ya Python 3.12. Chitani izi:

1. Lembetsani membala wongopeka, tsiku lolembetsa muike `2024-02-29`.
2. Tsegulani tsamba lake.
3. Dinani batani la `Print Card`.

Ndimayembekezera khadi losonyeza tsiku lothera. M'malo mwake pulogalamu yadzitseka, n'kusiya uthenga uwu:

```
ValueError: day is out of range for month
```

Ndabwereza ka 10, yagwa ka 10. Ndi `2024-02-28` komanso `2024-03-01` khadi likutuluka bwino. Ndikuganiza kuti vuto lili powerengera tsiku lothera, koma kumeneko sindinatsimikize."

Lipotili ndi lalifupi, koma mzere uliwonse uli ndi ntchito. Masitepe atatuwo akuyambira poyambirira penipeni, moti wolandirayo safunika kudziwa zimene mnzake anachita dzulo. Membala ndi wongopeka chifukwa lipoti limawerengedwa ndi anthu ambiri, ndipo dzina ndi ndalama za munthu weniweni siziyenera kuyenda nalo. Uthenga wa pa sikirini waukopera monga ulili, osaufotokoza m'mawu ake, popeza mnzakeyo adzausaka chilembo ndi chilembo.

Chokoma kwambiri ndi masiku awiri aja amene sanagwetse pulogalamu. Iwo atchingira vutolo mpanda uku ndi uku: si mwezi wonse wa Febuluwale, si chaka chonse cha 2024, koma tsiku limodzi basi. Taonaninso kuti wasiyanitsa zimene waona ndi zimene akuganiza. Maganizo akalembedwa ngati umboni, wokonza akhoza kutaya tsiku lathunthu akukumba pamene palibe mbewa.

Wolandira lipoti safunikanso kutsegula pulogalamu yonse. Mizere iwiri yokha ikumuonetsa gwero:

```
from datetime import date
date(2024, 2, 29).replace(year=2025)
```

Pulogalamu ikungosintha chaka n'kusiya mwezi ndi tsiku momwemo, ndiye ikufuna kupanga 29 Febuluwale 2025, tsiku limene kulibe pa kalendala. Python imakana, ndipo popeza palibe anaiuza chochita ikakana, zonse zimaima. Vutoli linabisala chifukwa 29 Febuluwale amabwera kamodzi pa zaka zinayi, tsiku limodzi pa masiku 1,461. Oyesa akanangolembetsa anthu ndi deti la tsiku limene akuyesalo, akanadikira mpaka 2028 kuti alione.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera timabungwe tating'ono tokha. Pa 29 Febuluwale 2012, Windows Azure ya kampani ya Microsoft inasokonekera kwa maola ambiri pa chifukwa chomwechi. Pulogalamu yopanga ziphaso za chitetezo inkawerengera tsiku lothera pongowonjezera 1 pa chaka, n'kupeza 29 Febuluwale 2013.

Pali chimodzi chimene lipoti silingagamule: kodi khadi lija lizitha pa 28 Febuluwale kapena pa 1 Malichi? Limenelo ndi funso la eni bungwe, osati la kompyuta. Akagwirizana, wokonza amakonza, kenako masitepe atatu aja amagwiranso ntchito kachiwiri. Woyesa amawatsatira monga anawalembera, n'kudina `Print Card`. Khadi likatuluka, lipoti amalitseka.