Kuwerenga anthu a zaka zapakati pa 18 ndi 35 ndi COUNTIFS

COUNTIFS ndi fomula yowerengera mizere imene ikukwaniritsa mfundo zingapo nthawi imodzi. Inayamba kupezeka mu Excel 2007, ndipo imagwiranso ntchito mu Google Sheets ndi LibreOffice Calc. Powerenga manambala amene ali pakati pa malire awiri, fomulayi imapatsidwa mfundo ziwiri pa mndandanda umodzi womwewo: malire apansi ndi malire apamwamba.

Mwachitsanzo, mlembi wa kalabu ya alimi walemba zaka za mamembala asanu ndi atatu m'timabokosi toyambira B2 mpaka B9 motere: 17, 18, 22, 35, 36, 40, 29 ndi 19. Kuti adziwe kuchuluka kwa achinyamata a zaka 18 mpaka 35, amalemba izi m'kabokosi kopanda kanthu:

```
=COUNTIFS(B2:B9,">=18",B2:B9,"<=35")
```

Mndandanda wa B2:B9 walembedwa kawiri chifukwa mfundo iliyonse imayenda ndi malo ake oyang'anamo. Mfundo yoyamba ikuti zaka zisachepere 18, yachiwiri ikuti zisapitirire 35. Munthu amawerengedwa pokhapokha akakwaniritsa zonse ziwiri. Yankho ndi 5, kutanthauza a zaka 18, 22, 35, 29 ndi 19.

Chizindikiro cha `=` chimene chili m'mfundozo ndi chomwe chimalowetsa anthu amene ali pamalire penipeni. Chikachotsedwa, n'kutsala `">18"` ndi `"<35"`, wa zaka 18 ndi wa zaka 35 amasiyidwa, yankho n'kukhala 3. Kompyuta sichenjeza chilichonse pamenepa, choncho ndi bwino kuyesa fomula pa mndandanda waufupi woti n'kuwerenga ndi maso.

Ngati malirewo amasinthasintha, amalembedwa m'timabokosi tawotawo, 18 mu E1 ndi 35 mu E2:

```
=COUNTIFS(B2:B9,">="&E1,B2:B9,"<="&E2)
```

Apa dzina la kabokosi limakhala kunja kwa mitengero, ndipo `&` imalilumikiza ndi chizindikiro chofanizira. Likalowa mkati, monga `">=E1"`, pulogalamu imaliona ngati mawu wamba, ndipo pa mndandanda wa manambala yankho limakhala 0.

Yankho likachepa mosayembekezereka, kawirikawiri vuto limakhala m'kalembedwe ka zakazo. Kabokosi kolembedwa "zaka 22" sikawerengedwa chifukwa muli mawu, osati nambala. Timabokosi totere timadziwika mosavuta: mawu amakhala chakumanzere kwa kabokosi pomwe manambala amakhala chakumanja, ngati maonekedwewo sanasinthidwe.

Zaka zowerengedwa kuchokera ku tsiku lobadwa nthawi zina zimatuluka ndi zidutswa, monga 35.6. Munthu wotereyu sanakwanitse 36, koma `"<=35"` imamusiya kunja. Mfundo yoyenera pamenepo ndi `"<36"`.

Pomaliza, mindandanda yonse ya m'fomula iyenera kutalika mofanana. Wina ukathera pa B9, wina pa B10, Excel imaonetsa `#VALUE!` m'malo mwa yankho.