Setilaiti imagwa, koma pansi siifika

Madzulo ena kukangochita mdima mumaona kanyenyezi kakuyenda mwakachetechete, osaphethira, mpaka kukazimirira chakum'mawa. Nthawi zina imeneyo imakhala ISS, siteshoni yomwe akatswiri amakhalamo pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Chimaigwira n'chiyani kuti isagwe? Yankho lake ndi lakuti palibe, ndipo pamene mukuiyang'anapo ili mkati mogwa.

Ambiri amaganiza kuti kumwambako kulibe mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Ilipo ndithu, ndipo pamene pali ISS yangochepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi basi.

Taganizirani mwana wa legeni ataima pamwamba pa phiri la Mulanje n'kuponya mwala molunjika kutsogolo. Mwalawo umapita patsogolo kwinaku ukutsika, mpaka kugwa. Akakoka kwambiri mphira, ukagwera patali. Isaac Newton anaganizapo zotere, iye ndi mfuti yaikulu pamwamba pa phiri, n'kufunsa kuti liwirolo litapitirira kukula zingathere pati.

Apa m'pamene pagona nkhani. Chinthu chikatayidwa, m'sekondi yoyamba chimatsika mamita pafupifupi 5, kaya chikuthamangira kutsogolo kaya ayi. Dziko nalo ndi lobulungira ngati dzungu, moti mukayenda molunjika makilomita 8, nthaka imakhala itapendekera pansi ndi mamita pafupifupi 5 omwewo. Tsono mwala uja utati uziyenda makilomita 8 pa sekondi, popanda mpweya woutchinga, ungatsike mamita 5 n'kupeza kuti nthakanso yauthawa ndi mamita 5. Sekondi yotsatira n'chimodzimodzi. Umangogwabe choncho mpaka kuzungulira dziko lonse n'kutulukira kumbuyo kwa mwana uja. Kuwerengera kumeneku kumandigwira mtima chifukwa ngakhale mwana wa sekondale angakutsatire ndi pensulo.

ISS imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko m'mphindi 90 ndi pang'ono. Ntchito yaikulu ya roketi inali kuipatsa liwiro la cham'mbali limeneli, popeza kungokweza chinthu m'mwamba n'kuchisiya chimabwerera pansi ngati mango. Anthu a mkatimo amayandama chifukwa iwo ndi chombo chawo akugwera limodzi.

Vuto ndi mpweya. Pamtunda umenewo ulipobe wochepa kwambiri, ndipo umaikhula siteshoniyo usana ndi usiku, n'kumaitsitsa pang'onopang'ono. Oyang'anira akaona kuti yatsika amayatsa injini kuti aikankhe, ikwerenso. Chombo chikasowa wochikankha chimalowa mumpweya wochindikala, n'kuyaka. Siteshoni ya Amereka yotchedwa Skylab inathera momwemo mu 1979, zidutswa zake zina n'kukagwera kumadzulo kwa Australia.

Setilaiti imene mbale ya wailesi yakanema padenga panu yalozako ili kutali kwambiri, makilomita pafupifupi 36,000. Kumeneko kukoka kwa dziko n'kofooka, choncho makilomita 3 pa sekondi amakwanira, ndipo ulendo umodzi umatha tsiku lathunthu, mofanana ndi kutembenuka kwa dziko lenilenilo. N'chifukwa chake mmisiri akamanga mbale ija n'kumangitsa mabawuti, simuisunthanso.