Mtedza sudikira yankho lochokera ku London

Tiyerekeze fakitale ya mtedza ku Lilongwe. Mtedza woswa kale ukuyenda pa lamba, mamita 3 pa sekondi. Pamwamba pali kamera yomwe ikuunika njere iliyonse, ndipo kutsogolo pang'ono, masentimita 15 okha, pali timapaipi topemerera mpweya tomwe timakankhira kunja njere yovunda kapena yachuku. Kuchoka pa kamera kufika pa timapaipito, njere imatenga mamilisekondi 50. Milisekondi ndi kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'kanthawi kameneko kompyuta iyenera kuona chithunzi, kugamula kuti njereyo ndi yoipa, ndi kulamula mpweya.

Funso nali: kompyutayo ikhale kuti?

Masiku ano ambiri amayankha kuti ikhale mu kilaudi, kutanthauza nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta zomwe makampani amabwereketsa kudzera pa intaneti. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ndipo Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020. Njira ina, yomwe akatswiri amaitcha eji kompyuting'i, ndi yoika kompyuta yaing'ono pompo pamene deta ikubadwira, pambali pa makinawo, kuti ntchito ithere pomwepo.

Chimene chimagamula mlanduwu choyamba ndi mtunda. M'mawaya a faiba uthenga umayenda ngati kuwala, pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Liwiro limeneli ndi loopsa, komabe lili ndi malire, ndipo palibe ndalama imene ingalionjezere. Pa makilomita 1,000 alionse, kupita ndi kubwera kumadya mamilisekondi 10. Cape Town ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,700 kuchokera ku Lilongwe, choncho mamilisekondi 27 atha kale chithunzi chisanaunikidwe n'komwe. Kumeneku n'kuwerengera ngati waya wawongoka ngati chingwe cha mmisiri, pamene mawaya enieni amakhotakhota, ndipo pamphambano iliyonse uthenga umaima pamzere. London ili kutali makilomita pafupifupi 8,000, ndiye kuti mamilisekondi osachepera 80. Pofika yankho, njere yovunda ija yayenda masentimita 24, yadutsa timapaipi tija, ili pa ulendo wolowa m'thumba. Mpweya ukankha njere yabwino yomwe inalibe mlandu.

Choipa kwambiri, mwa kuona kwanga, n'chakuti nthawiyi siikhazikika. Pano yankho lifulumira, kenaka lichedwa chifukwa mseu wa intaneti wadzaza. Kuchedwa kokhazikika mmisiri angakukonzere posendeza timapaipi patsogolo. Kosinthasintha alibe nako chochita. Amene akufuna kudzionera yekha alembe lamulo la `ping` pa kompyuta, motsatana ndi adiresi ya seva yake, nayang'ane manambala otsatira `time=`. Asatengeke ndi nambala yapakatikati. Aone yaikulu kwambiri, chifukwa ndiyo imalowetsa chuku m'thumba.

Palinso nkhani ya ndalama. Kamera wamba ya chitetezo yotumiza mamegabiti 4 pa sekondi imatulutsa magigabaiti 43 pa tsiku. Makamera 10 ozungulira fakitale ndiye magigabaiti oposa 430 tsiku lililonse, ndipo zambiri mwa zithunzizo ndi za khoma ndi matumba osasuntha. Kompyuta ya pafakitale pomwepo ikhoza kuziunika zonse n'kutumiza kutali timphindi tokha tomwe munthu wadutsa pageti, pamodzi ndi chiwerengero cha njere zomwe zatayidwa.

Ndipo waya umaduka. Mu Meyi 2024 mawaya apansi pa nyanja a EASSy ndi Seacom ataduka, intaneti inavuta m'maiko angapo kuphatikizapo Tanzania, Mozambique ndi Malawi. Makina odalira seva yakunja pa njere iliyonse akanaima. Okhala ndi kompyuta yawoyawo akanapitiriza, n'kudzatumiza malipoti waya atalumikizidwa.

Koma kabokosi ka pafakitale kali ndi msonkho wake. Fumbi la mtedza limatseka mafani, kompyuta n'kutentha n'kuyamba kuchedwa. Magetsi akathima mwadzidzidzi mafayilo amaonongeka ngati palibe batire. Kakhoza kubedwa ndi zonse zili m'katimo. Ndipo kampani ikakhala ndi mafakitale 20, pakufunika munthu woonetsetsa kuti mabokosi onse 20 ali ndi pulogalamu yatsopano, apo ayi lina lidzataya mtedza umene linzake likuulandira. Mu kilaudi zonsezi amasamalira ndi eni nyumba.

N'chifukwa chake sindingalangize munthu kusamutsira chilichonse pambali pa makina. Malipiro a antchito, lipoti la pamwezi, kuyerekeza zokolola za chaka chino ndi zachaka chatha: zonsezi zikhoza kudikira sekondi yathunthu osapweteka aliyense, ndipo malo ake ndi mu kilaudi. Musanagule kabokosi, yezani nthawi imene makina anu angadikire, muwerengere magigabaiti a tsiku limodzi, ndipo mudzifunse chimene chidzachitike intaneti ikasowa tsiku lonse. Pa lamba wa mtedza uja, kompyuta iyenera kukhala m'fakitale momwemo.