Mwaiwala Dzina la Mankhwala? Mungamuuze Chiyani Wogulitsa Mankhwala

Ndinene chiyani poyamba?

Nenani matenda omwe mankhwalawo amachiza, amene anakulemberani, komanso kamwedwe kake. Mukati "a malungo, mapiritsi achikasu, anayi m'mawa, anayi madzulo, kwa masiku atatu," wodziwa ntchito aganizira LA.

Mtundu wa piritsi sungakwanire?

Ayi. Mapiritsi oyera alipo ambirimbiri, ndipo makampani osiyana amapanga mankhwala amodzimodzi m'maonekedwe osiyana. Bwerani ndi kapaketi kakale kapena buku lanu lakuchipatala.

Ndidziwa bwanji kuti ena andipatsawo ndi ofanana?

Yang'anani dzina lenileni la mankhwala ndi mphamvu yake. Coartem ndi Lumartem onse ali ndi artemether ndi lumefantrine, koma piritsi la 80/480 limalowa m'malo mwa anayi a 20/120.

Nanga akakayikira?

Musamukakamize kulota. Bwererani kwa dokotala, makamaka pa mankhwala a shuga, BP kapena khunyu.